Spelunky patatha miyezi 8: ine ndafa ka 1,140, padi yafa kamodzi

"Aise, gemu ija unkaitama mu Febuluwale, yoti siibwereza levulo, ukuiseweranso? Kapena zinali zokamba za wogulitsa? Ndapeza kangachepe, ndikufuna ndipite kwa mkulu yemwe uja Loweruka."

Ndikuisewerabe, aise, ngakhale sabata ino ndikugogoda kiyibodi ngati mlembi wa kukhoti, chifukwa padi ija yatsirizika Lachiwiri usiku. Ndayankhira pano m'malo mwa pafoni poti nkhaniyi ndi yaitali, komanso ena amene anawerenga zomwe ndinalemba nditangogula ali ndi ufulu womva mmene zathera. Nthawi ija ndinalemba ndili ndi chimwemwe cha mkamwini watsopano. Pano ndadya nsima ya pakhomopo miyezi 8, ndikudziwa mbale yong'aluka ndi iti.

Zomwe zikuyenda bwino ndizitchule mwachangu. Pa laputopu yanga yakale ija gemu siidodoma. Ukaitsitsa kamodzi siifunanso bandulo, kupatula ukafuna mpikisano wa tsiku ndi tsiku womwe ndiufotokoze kutsogoloku. Nyimbo zake sizinanditopetse. Kudumpha, kukwapula ndi kugwira m'mphepete mwa khoma kumamvera chala nthawi yomweyo, bola padi ikhale yamoyo. Yomwe ndinagula ndi Spelunky yokonzedwanso, imene inatuluka pa Xbox 360 mu 2012 n'kufika pa kompyuta mu 2013, osati Spelunky 2 ya 2020.

Tsono za kusabwereza. Wogulitsa anandiuza kuti, "Bigi, iyi ndi gemu yosatha, kompyuta imapanga dziko latsopano nthawi iliyonse." Sananame kwenikweni, koma sankadziwa chomwe akunena, ndipo inenso ndinachimva molakwika. Ndinkaganiza kuti kompyuta imangomwaza miyala, njoka ndi golide ngati munthu wofesa mawere. Chifukwa cha maganizo amenewo, mwezi woyamba ndinkasewera ngati wotayika m'tchire. Ndikakumana ndi khoma, bomba. Ndikaona phompho, chingwe. Umayamba ulendo ndi mitima 4, mabomba 4 ndi zingwe 4, ndipo ine pofika levulo yachiwiri ndinkakhala ndatsala manja okha. Ukafa umayambiranso pa 1-1, levulo yoyamba, wopanda kanthu, malo onse atasintha. Khalidwe limeneli linachokera ku gemu ya Rogue ya 1980, imene Michael Toy ndi Glenn Wichman anayamba, ndipo n'chifukwa chake magemu otere amatchedwa ndi dzina lake.

Chimene chinandisintha ndi kumvetsa kuti levulo imamangidwa motsatira malamulo ochepa, ndipo malamulowo ukhoza kuwawerenga uli mkati mosewera. Derek Yu anatulutsa Spelunky yoyamba mu 2008 yaulere, kenako anatsegula kodi yake kuti aliyense aione, ndiye mamangidwe ake si chinsinsi. Yomwe ndikusewera ine inaimikidwa pa msana womwewo.

Levulo wamba ya mumgodi ndi zipinda 16, zinayi m'lifupi, zinayi kutsika. Chipinda chilichonse ndi njerwa 10 m'lifupi ndi 8 mumsinkhu. Kompyuta isanaike njoka ngakhale imodzi, imayamba yalemba njira. Imasankha chipinda chimodzi mumzere wapamwamba n'kuikamo khomo lolowera. Kenako imachita maere a nambala kuyambira 1 mpaka 5: ikagwa 1 kapena 2 njira imapita kumanzere, 3 kapena 4 kumanja, 5 imatsika. Ikagunda khoma lakumapeto imatsikanso n'kutembenuka. Ikafika mumzere wapansi n'kufuna kutsikanso, palibe kotsikira, ndiye pomwepo pamakhala khomo lotulukira. Zipinda zimene njirayo yadutsamo zimapatsidwa mitundu: 1 ndi chotseguka kumanzere ndi kumanja, 2 chili ndi bowo pansi, 3 chili ndi bowo pamwamba polandirira amene akugwa. Zotsala zonse ndi 0, zipinda zapambali, zomwe zikhoza kukhala zotseguka kapena zotsekeka ndi mwala mbali zonse.

Zikamveka ngati za m'kalasi, taona phindu lake m'manja. Njira ija imatheka kuidutsa popanda bomba kapena chingwe. Siikwera m'mwamba. Choncho ukapezeka pamalo poti kupitirira kukufuna chingwe, dziwa kuti si gemu yakutsekera, ndiwe wapatuka. Ukachoka pakhomo kupita kumanja n'kukumana ndi khoma logontha, usaphulitse, bwerera, njira ili kumanzere. Bowo lalikulu pansi pa chipinda nthawi zambiri ndiye msewu waukulu. Ukatsika katatu wafika mumzere womaliza, khomo lili kumanzere kapena kumanja kwako, osati pansi. Nditazindikira zimenezi ndinayamba kufika kunkhalango, chigawo chachiwiri, ndili ndi mabomba anga onse, n'kumawagwiritsa ntchito pa zinthu zolipira: bokosi lotsekeredwa m'mwala, kapena kuboola pansi nthawi ikatha. Nthawi imathadi. Ukakhala mu levulo imodzi mphindi 2 ndi theka kumabwera mzukwa umene ukakukhudza basi kwatha, ndipo sungauphe.

Mkati mwa zipindamo namonso si chisawawa. Chipinda chilichonse chimachokera pa chikombole chimene munthu anajambula ndi dzanja. Mtundu uliwonse uli ndi zikombole zingapo, kompyuta imangotolapo chimodzi. M'chikombolemo muli njerwa zina zokhazikika, zina zolembedwa kuti "pano pakhoza kukhala mwala kapena ayi", ndi mipata ya njerwa 5 kwa 3 imene imadzazidwa ndi tizidutswa tosankhidwanso mwa maere. Pamapeto pake mpamene amawaza zamoyo ndi chuma, chilichonse ndi lamulo lake: kangaude ndi mleme zimafuna denga, msampha wa muvi umafuna mbali yotseguka yoti ulasire, golide amakwiriridwa m'mwala.

Apa ndiye pali chilema chimene wogulitsa sangakuuze, ndipo chinandifooketsa mu Juni. Ukafa kokwana mazana angapo, maso amayamba kuzindikira zikombole. Umangoti, aa, chipinda cha makwerero awiri chija, kachisi wa nsembe uja, dzenje la njoka lija. Mgodi umaoneka ngati nyumba za kampani imodzi, pulani yomweyo, penti yosiyana. Ndondomeko yaikulu nayonso siisintha: mgodi, nkhalango, mapanga a ayezi, kachisi, chigawo chilichonse malevulo 4, ndipo pa 4-4 pamakhala Olmec, chimutu chagolide chija, nthawi zonse. Kiyi ndi bokosi lokhoma zimene zimapereka Udjat Eye, diso limene limaphethira ukayandikira khomo la msika wobisika, zimapezeka mu levulo imodzi pakati pa 1-2 ndi 1-4, ndipo msika wobisika umakhala kunkhalango basi. Ndinakwiya. Ndinauza mayi a kunyumba kuti ndagula chitenje chimodzi chongopindidwa mosiyanasiyana. Iwo anangoti ndalama yake ikanagula zitenje zenizeni zingati, ndipo sindinayankhe. Ndinaisiya milungu itatu.

Amene anandibweza ndi msuweni wanga wa ku Joni, yemwe amaisewera kuyambira kale. Anandiuza kuti tiyese Daily Challenge. Kuti umvetse mpikisanowu uyenera kudziwa kuti kompyuta sichita maere enieni. Imatenga nambala imodzi yoyambira, imene amaitcha mbewu, n'kumaisinthasintha ndi masamu kuti itulutse mndandanda wautali wa manambala ooneka ngati ongogwa. Mbewu ikakhala yomweyo, mndandanda umakhala womwewo, ndipo levulo imatuluka yofanana. Pa maulendo wamba mbewu imasintha ukangofa. Pa Daily Challenge anthu onse padziko amapatsidwa mbewu imodzi tsiku limenelo, ndipo aliyense ali ndi mwayi umodzi wokha. Ukafa, dikira mawa.

Tsiku limenelo ndilifotokoze bwino, chifukwa ndi limene linandionetsa komwe kusiyana kwenikweni kumachokera. Titamaliza tinajambula levulo 1-2 papepala, ine kuno iye uko, ndipo inatuluka chonchi:

```
0 2 1 1
0 3 2 0
2 1 3 0
3 1 1 0
```

Khomo lolowera linali pamwamba kumanja. Njira inapita kumanzere zipinda ziwiri, inatsika, inapita kumanja chipinda chimodzi, inatsikanso, inabwerera kumanzere mpaka kukhoma, inatsika komaliza, n'kukathera pa chipinda chachitatu cha mzere wapansi. Zipinda 11 za njira, 5 zapambali. Mumzere wachiwiri, 0 wakumanja anali shopu. 0 wakumanzere anali chipinda cha fano lagolide.

Ine ndinatsika bwinobwino, mitima yonse 4 ilipo. Ndinalowa mushopu n'kupeza bokosi la mabomba 12. Munthu amene wasewerapo akudziwa kuti bokosi limenelo pa 1-2 lili ngati kupeza thumba la feteleza mu Novembala. Ndinali ndi ndalama za m'gemu zopitirira pang'ono $7,000, bokosi linkafuna zoposa $10,000. Ndinakumbuka kuti potsika ndinaona fano likunyezimira kumanzere, ndipo fano la mumgodi limapereka $5,000. Masamu anakwana. Ndinabwerera zipinda zitatu, ndinalinyamula, nthaka inagwedezeka monga mwa nthawi zonse, ndipo chimwala chinatuluka. Chimwalacho ndimachidziwa, ndinadumphira pamalo okwera n'kuchisiya chidutse pansi panga. Ndinadziona wochenjera kwa masekondi atatu. Chimene sindinaganize n'choti chimwala chimagubuduka chopingasa, chikuswa makoma, mumzere womwe fanolo lili. Ndipo kumapeto kwa mzere umenewo kunali shopu ija.

Sindinaone chikugunda. Ndinangomva nyimbo yasintha. Mu Spelunky shopu ikaphwanyidwa chifukwa cha zochita zako, mdala wa shopu safunsa kuti zinayenda bwanji. Amatulutsa mfuti, ndipo abale ake amakudikira pakhomo lotulukira la malevulo otsatira. Ndinathawa ndi fano langa m'manja, ndinatsika mabowo awiri aja mosayang'ana, msampha wa muvi unandichotsera mitima 2, ndinatuluka. Pa 1-3 ndinayenda mwaulemu mpaka pansi, ndinapeza mdala wina ataima pakhomo. Ndinati ndimuponyere bomba kuchokera pamwamba. Bomba linagwera pamapazi anga. Ulendo wa tsiku lonse unatha mphindi zosakwana 6.

Msuweni wanga, levulo yomweyo, shopu yomweyo, bokosi lomwelo, anaona fano n'kuona kuti lili mzere umodzi ndi shopu, ndipo sanalikhudze. Anawononga mabomba awiri kukumba miyala yamtengo imene inkaoneka m'khoma la chipinda chapambali cha mumzere wachitatu, ndalama zinakwana, anagula bokosi, anatuluka ndi mabomba 14. Anakafera kumapanga a ayezi patapita mphindi 20, yeti atamuponya kuphompho. Mapu amodzi, nkhani ziwiri zosagwirizana ngakhale pang'ono.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuyang'ana ngati chipinda ndachionapo kale. Zikombole ndi zochepa, inde. Koma fano lokha ndi nkhani ina, fano loyang'anizana ndi shopu ndi nkhani ina, fano lokhala pamwamba pa kachisi wa Kali, mulungu wolandira nsembe m'gemumo, ndi nkhani inanso, chifukwa chimwala chikaswa guwa lake nayenso amakulanga. Chinthu chilichonse m'gemuyi chili ndi khalidwe limodzi losasintha, ndipo chimachita khalidwe limenelo kwa aliyense, osati kwa iwe wekha. Msampha wa muvi umalasa chilichonse choyenda patsogolo pake, kaya ndi iwe, mleme, kapena mwala umene waponya dala kuti muvi uwonongeke, ndipo umalasa kamodzi kokha. Zisonga zimapha amene wagwerapo kuchokera pamwamba, koma ukhoza kuyenda pakati pake bwinobwino, ndipo zimapha adani ako mofanana. Maere amangosankha kuti lero ndani akhale pafupi ndi ndani. Zotsalazo zimachitika zokha, ndipo nthawi zambiri woyambitsa ndiwe.

Palinso kusiyana kwina kumene kumabwera ndi zomwe wapeza m'njira. Ulendo umene wapeza jetipaki pa 1-2 ndi gemu ina: mapanga a ayezi, omwe ndi otseguka ndipo pansi pake ndi phompho lopanda malire, amasanduka bwalo losewerera. Ulendo umene mashopu onse akugulitsa zinthu zopanda ntchito kwa iwe, mapanga omwewo umawadutsa ukupemphera, chingwe chimodzi m'thumba. Ukapeza piki umayamba kuona makoma ngati zitseko, mpaka itathyoka. Sungakonzeretu kuti lero ndisewera mwakuti. Umadziwa mtundu wa ulendo wako utafika kale pakati.

Sindikunena kuti maere sachita nkhanza. Njira yotsimikizika ija imalonjeza kuti podutsa palipo, siilonjeza kuti podutsapo ndi pabwino. Nthawi zina bowo lokhalo lotsikira limakhala ndi msampha wa muvi pansi pake, ndipo pafupi palibe mwala kapena mphika woti ugwetse. Umataya chingwe kuti muvi ulase chingwecho, ndipo ngati zingwe zatha umalipira ndi mitima. Nthawi zina levulo imabwera yamdima, uli ndi muuni umodzi m'manja, ndiye sunganyamulenso china. Mdima ukakumana ndi nkhalango, kumene zomera zodya anthu zimameza kamodzi n'kutha, ndimangodziwa kuti lero si langa. Koma nditawerenga imfa zanga moona mtima, zotere sizifika ngakhale imodzi pa khumi. Zambiri ndi dyera: kubwerera kukatenga golide mmodzi mzukwa uli m'njira.

Chinanso choti udziwe usanapereke ndalama: ulendo sungausunge pakati. Ukatseka gemu, wapita. Ulendo wofika kwa Olmec umanditengera pafupifupi theka la ola, ndipo batire la laputopu yanga limagwira mphindi 15. Magetsi anandizimira kawiri ndili kukachisi. Kachiwiriko ndinakhala mumdima osayankhula mpaka mwana anabwera kudzafunsa ngati ndadwala.

Tsopano bomba lija linagwera pamapazi anga. Ndinalitchula mongodutsa, koma ndiye nkhani imene yandibweretsa pano, ndipo ikukukhudza iwe amene ukupita kwa mkulu uja.

Kwa miyezi ingapo ndinali ndi imfa za mtundu umodzi zimene sindinkazimvetsa. Ndikufuna kuponya bomba, likungoikidwa pansi. Ndikuthamanga kuti ndidumphe dzenje, munthu wanga akugwada n'kuyamba kukwawa m'mphepete. Ndikufuna kukwapula njoka, iye akutola mphika. Ndaima chilili, sikirini ikutsetsereka yokha kuyang'ana pansi. Poti gemu yonse ndi ya maere, ndinkaponya mlandu pa maere. Ndinafika pokhulupirira kuti mwina gemu imasintha ngakhale kamvedwe ka mabatani kuti ulendo uliwonse ukhale wosiyana. Ukaseka seka, koma ndi mmene gemu yotere imabisira vuto la chipangizo. Mu gemu imene levulo ndi yomweyo nthawi zonse, ukalephera kudumpha pamalo amodzi kasanu mosiyana ndi dzulo, umadziwa msanga kuti china chalakwika. Muno palibe malo amodzi oti uyerekeze. Imfa iliyonse ili ndi nkhani yake, ndiye umaipezera chifukwa chake.

Msuweni yemwe uja ndi amene anandifunsa funso loyenera: zinthu zinayi zimenezi zikufanana chiyani? Zonse zimachitika ukakanikiza kupita pansi. Pansi ndi bomba ndiye kuliika pamapazi. Pansi ndi batani lokwapulira ndiye kutola chinthu. Pansi pokha ndiye kugwada, ndipo ukagwiritsitsa, sikirini imayang'ana pansi. Maere amasintha malo, adani ndi katundu, koma sakhudza mabatani. Vuto likamakutsata mofanana kumgodi, kunkhalango ndi kukachisi, silikuchokera kwa womanga malevulo.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Pa Windows kanikiza `Win + R`, lemba:

```
joy.cpl
```

Sankha padi yako, tsegula Properties, pita pa Test. Pali kabokosi kokhala ndi kamtanda pakati. Usakhudze chilichonse. Kamtandako kayenera kukhala phee pakatikati. Kanga kanali kutsetsereka pang'onopang'ono kupita pansi, kenako kubwerera, kenako kugwa mpaka pansi penipeni ndikangogwedeza chingwe cha padi. Kandodo kakumanzere kanali katatha mkati.

Ndinapita kwa mkulu uja mu Julayi. Pogula anandiuza pakamwa kuti padi ndi yoyambirira ndipo ili ndi galanti. Tsiku limeneli galanti ija inasanduka ya mwezi umodzi, ndipo mwezi unali utadutsa kalekale. Ndinamuonetsa kamtanda kakuyenda kokha pa laputopu. Anayang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, magemu enawa amadya padi, mumakanikiza mwamphamvu." Ndinamuuza kuti gemu yomwe akuinenayo anandisankhira ndi iyeyo. Tinakambirana mwaulemu wa anthu awiri amene aliyense akudziwa kuti mnzake akudziwa. Pamapeto anati ali ndi mnyamata wokonza, ndisiye K8,000. Ndinasiya. Padi inabwera patatha masiku 9 ikununkha sipiriti, ndipo inagwiradi bwino milungu isanu. M'milungu imeneyo mpamene ndinagonjetsa Olmec koyamba, kenako kawiri kena. Nditawerenga mu Player Profile lero, zapambana ndi 3, imfa 1,140. Kenako kamtanda kanayambanso ulendo wake, ndipo Lachiwiri kandodo kanangogwera mkati osabwereranso. Nditaitsegula ndinapeza kuti sanasinthe kanthu, anangotsuka. Ndinaonanso kuti mkati mwake mulibe chizindikiro chilichonse cha kampani imene dzina lake lili kunja.

Ndiye ukandifunsa ngati ndikukhutira, yankho limadalira tsiku. Lachiwiri usiku ndikanakuuza kuti zonse ndi kuba. Lero, nditafika kunkhalango ndi kiyibodi n'kupeza khomo la msika wobisika Udjat Eye ikuphethira, ndikuti gemuyi ndi chinthu chabwino kwambiri chimene ndagula chaka chino. Tiyeni tiwerenge ndalama, poti ndi zomwe sizisintha ndi mmene ndadzukira.

Gemu pa Steam inali $14.99. Khadi langa la kubanki linkakana kulipira kunja, ndiye ndinagula kwa mkulu uja khadi la mphatso la $20 pa K70,000, mtengo wa dola wa pamsewu ndi phindu lake pamwamba. $5 yotsalayo ikadali mu akaunti, siikwana kanthu kena komwe ndikufuna. Padi inali K35,000, kukonza K8,000. Zonse K113,000. Ndasewera maola 190. Gemu yokha ikutuluka pafupifupi K370 pa ola, ndipo ikutsikabe chifukwa sindinafike ku City of Gold, osanena za Hell, malo awiri obisika a m'gemumo. Ukaphatikiza padi ndi pafupifupi K600 pa ola, ndipo gawo la padilo silidzatsikanso poti yafa. Chimene chimandiwawa n'choti patangopita miyezi ingapo ndinaona gemu yomweyo itatsitsidwa mtengo kwambiri pa nthawi ya seli. Ndikanadikira, khadi lomwelo likanagula magemu angapo. Mkulu uja amadziwa bwino nyengo za seli, ndi ntchito yake, koma sananene.

Sananenenso kuti Spelunky yoyamba ija ya 2008, imene pano amaitcha Spelunky Classic, ikadali yaulere pa Windows ndipo ndi yaing'ono moti bandulo siimva. Zithunzi zake ndi zamabokosibokosi, kayendedwe kake ndi kolimba pang'ono, ilibe Daily Challenge, koma zipinda 16 zija, njira ija, fano, chimwala ndi mdala wa mfuti zonse zilimo. Iwe yamba ndi imeneyo. Ifa ka 100. Ukaona kuti ukafa dzanja likuthamangira lokha kuyambiranso, gemu yolipira ikuyenera, ndipo udikire seli. Ukaona kuti kuyambiranso pa 1-1 wopanda kanthu kukukupweteka mutu, wapulumutsa K70,000, chifukwa yolipirayo siidzakuchitira chifundo choposa pamenepo. Tunnel Man amakutsegulira njira zachidule zopita ku zigawo zakutsogolo ukamupatsa zomwe akufuna, koma ukalowera kumeneko umafika ndi mabomba 4 ndi zingwe 4 zokha pamalo ofuna zambiri.

Khadi la mphatso kwa mkulu uja linagwira ntchito tsiku lomwelo, pamenepo sindimunamizira. Padi usagule kwa iye pokhapokha ataiyeza pamaso pako ndi kulemba galanti papepala, ndi deti. Loweruka ndipita nawe. Ndinyamula laputopu, chaja ndi padi yakufayo m'jumbo, zomangira zake ndaziika m'kabotolo. Tikafika iwe usayambe ndi kufunsa mtengo, undisiye ndiyambe ndi nkhani ya K8,000 yanga. Akatulutsa padi ina, tiilumikiza pomwepo, titsegula `joy.cpl`, ndipo tonse atatu tikhala chete mphindi imodzi yathunthu tikuyang'ana kamtanda.